Wouma mutu m'banja amakhala mmodzi yekha?

"Mikangano ya m'banja mwathu siitha chifukwa achimwene amakana zoonekeratu. Si choncho?"

Ayi, nthawi zambiri onse awiri amanena zomwe adaonadi, koma aliyense maso ake amatola zokhazo zogwirizana ndi zomwe adakhulupirira kale.

Titenge nkhani ya ndalama zothandizira amayi kumudzi. Mlongo akangotsimikiza mumtima kuti achimwene ake ndi aumbombo, mwezi umene sadatumize kanthu amaukumbukira mpaka tsiku lake. Matumba awiri a fetereza amene adagula dzinja lapita amaiwalika, kapena amati, "Adagula kuti anthu awatame." Apa ndiye pondidetsa nkhawa: chabwino chasanduka umboni wa choipa. Achimwenewo nawonso amawerenga zawo zokha. Usiku umene mlongo wawo adagona pansi kuchipatala akudikirira amayi sauona.

Khalidweli si la m'banja mokha. Mu 1960, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku Britain, Peter Wason, adapatsa anthu manambala 2, 4, 6 kuti apeze lamulo lake. Ambiri ankayesa manambala ongovomereza ganizo lawo lakuti manambalawo akukwera ndi 2, monga 8, 10, 12, osayesa olitsutsa. Lamulo linali lakuti manambala azingokwera basi.

Mudzigwire pa mawu akuti "nthawi zonse" ndi "sanayambe". Akatuluka pakamwa panu, dzifunseni kuti achimwene akadachita chiyani kuti musinthe maganizo. Ngati palibe, ndiye kuti mlandu mudaweruza kale. Kenaka tsegulani mauthenga a ndalama pafoni, muwerenge miyezi 12 yonse, kuphatikizapo imene adatumiza.