Kulemba dzina la woimba pansi pa vidiyo si chilolezo

Ine ntchito yanga ndi yojambula ndi kudula mavidiyo a maukwati kuno ku Chipata, ndiye funso limene achinyamata amandifunsa kwambiri ndi lakuti akulu, ndalemba kale dzina la woimba pansi pa vidiyo, nanga bwanji Facebook yandizimira mawu? Ena amawonjezerapo ka mzere kachizungu kaja kakuti nyimboyi si yanga. Abale, kamzere kameneko sikagwira ntchito olo pang'ono. Chimene chimagwira vidiyo yanu ndi makina, pa YouTube amatchedwa Content ID, pa Facebook ndi Rights Manager, ndipo iwo amamvetsera mawu n'kufananiza ndi nyimbo zimene eni ake analembetsa. Zimene mwalemba mu Description sawerenga. Za kuti masekondi ochepa chabe sagwidwa nazonso zichotseni m'mutu, lamulo lotero kulibe.

Ndikuuzeni za ukwati wina umene ndinajambula ku Katete. Vidiyo inali ya mphindi 42, ndipo pokweza pa YouTube, pa gawo la Checks, pamene makina amafufuza vidiyo isanatuluke, panatuluka chenjezo kuyambira 12:10 mpaka 15:40, pamene aperekezi ankalowa akuvina nyimbo imene dijeyi anaika pa masipika. Ine sindinaiike poedita ayi, maikolofoni ya kamera inangoitola, koma makinawo alibe nazo kanthu. Mwini nyimbo ndiye amasankha chochita, kutseka vidiyo, kuikapo malonda ndalama zizipita kwa iye, kapena kungoiyang'anira. Uyu anasankha malonda, tsono vidiyo inkaoneka bwinobwino, ndipo nditafotokozera banjalo tinaisiya choncho poti iwo sankafuna ndalama, ankafuna achibale a ku Lusaka ndi ku Mchinji aone gule. Akanaitseka, ndikanalowa mu YouTube Studio n'kudula mphindi zitatu ndi thekazo, kapena kuzimapo nyimbo, kapena kuikapo ina. Chenjezo la mtundu umenewu silipha chanelo. Choopsa ndi copyright strike, imene imabwera mwini akapempha kuti vidiyo ichotsedwe. Imatha pakapita masiku 90 ukamaliza kaphunziro ka YouTube ka za copyright, koma zikakwana zitatu chanelo ingathe kutsekedwa.

Nanga kulemba dzina kumathandiza pati? Kumathandiza pamene chilolezo chilipo kale ndipo chikulamula kuti mutchule mwini. Nyimbo yoyambira vidiyo yomweyo ndinaitenga mu Audio Library ya YouTube, mmene zina sizifuna kutchula aliyense koma zina ndi za Creative Commons, laisensi yaulere yokhala ndi malamulo ake, ndipo zimenezi mukapanda kutchula ndiye mwaphwanya pangano, chilolezo chija chagwa. Mawu oti mulembe a YouTube amakupatsani okha, inu kungokopa n'kumata osasintha. Ngati nyimbo mwaitenga kwina, lembani zinthu zinayi izi:

```
Nyimbo: dzina la nyimbo
Woimba: dzina la mwini wake
Yachokera: linki ya tsamba
Laisensi: CC BY 4.0 https://creativecommons.org/licenses/by/4.0/
```

Ngati mwaidula kapena kuisintha, nenaninso kuti mwatero. Ndipo yang'anani zilembo bwino, mukaona NC ndiye kuti ya malonda sailola, simungaiike pa vidiyo yotsatsa shopu ya zitenje ku Kapata ngakhale dzina mutalilemba kakhumi.

Kavidiyo kobwereka ndi chimodzimodzi. Mnzanga anandibwereka zithunzi za dironi za mapiri a Chipata, masekondi 20, ndinamupempha alembe pa WhatsApp kuti walola vidiyo iti, pa chanelo iti, ndipo ndinasunga uthengawo ndisanalembe dzina lake ndi nthawi imene kakuonekera. Pakamwa pokha ayi, anthu amaiwala, makamaka vidiyo ikayamba kuyenda.

Chimene chimandipweteka mtima ndi cha oimba a kuno kwathu. Mnyamata akupatsa nyimbo yake ndi mtima wonse, ati ikani akulu anthu andidziwe, iwe waika, mawa chenjezo latuluka. Iye sananame, koma kampani imene imamuikira nyimbo pa intaneti inailembetsa mu Content ID, ndiye makina akugwira aliyense, nthawi zina ngakhale mwini wakeyo. Apa mpamene batani la Dispute, lotsutsira chenjezo, limagwira ntchito, umasankha kuti uli ndi laisensi, n'kulemba amene anakulola, tsiku lake ndi mawu a chilolezocho, ndipo mbali inayo ili ndi masiku 30 oyankha, akapanda kuyankha chenjezo limachoka. Koma osadina Dispute chifukwa chakuti unalemba dzina chabe, ukalimbikira popanda chilolezo chenicheni nkhani ingathe kukafika pa strike. Masiku ano ndimafunsa woimbayo ndisanaedite ngati nyimbo inapita kale ku kampani yotero, ikakhala inapita ndimamupempha awauze achotse chenjezo pa vidiyo yanga, ndipo vidiyoyo ndimayamba ndaikweza pa Unlisted, pamene amaiona okhawo ali ndi linki, mpaka zonse zitayera, kenako ndiye nditumize linki kwa eni ukwati.