Kodi mphini ndi zachilendo?

"Mwana wanga waboola mphuno ndipo wadzilemba pamkono. Si zachizungu izi? Ntchito adzaipeza?"

Ayi mayi, si zobwera. Livingstone atafika ku Shire mu 1859 anapeza akazi achimang'anja atavala pelele, chokongoletsa cholowetsa pamlomo woboola. Amayi achiyao ankavala chipini pamphuno, ndipo agogo athu ankatema mphini, kupakamo makala kuti zide. Kunali kudzikongoletsa.

Kuipidwa nazo kunakula ndi mamishoni ndi sukulu, zimene zinkaziona ngati zachikunja. Lero ambiri amatchula Levitiko 19:28, vesi loletsa kudzicheka ndi kudzilemba pathupi, koma saona kuti pa Genesis 24:47 Rebeka anavekedwa mphete pamphuno.

Nkhawa ya ntchito njomveka, chifukwa mabwana ena anakula ndi maganizo omwewo. Pokayesedwa ntchito mwanayo angovala malaya aatali manja, chipinicho achotse.