Sikuti nthawi zonse kalata ya mbiri yanu ndiyo imakulepheretsani ntchito

“Ndapempha ntchito m'malo ambiri koma palibe amene wandiitana. Ndiye kuti kalata ya mbiri yanga ndinailemba molakwika, si choncho?”

Mwina ayi. Olemba ntchito akalandira makalata mazanamazana, sayamba ndi kuyerekezera maphunziro ndi luso la anthuwo. Amayamba ndi kusefa, ndipo sefayo ndi timafunso ta pafomu timene ambirife timayankha mothamanga: mumakhala kuti, mungayambe liti, mukufuna malipiro angati.

Tiyerekeze kuti kampani ikufuna wowerengera ndalama woti ayambe pasanathe masiku 30, chifukwa amene analipo wachoka. Inu muli ndi zaka 8 pantchitoyi, koma pangano lanu likuti muchenjeze abwana miyezi 3 musanasiye. Mnzanu wa zaka 4 angayambe mawa. Kalata yanu, ngakhale ikhale yokoma bwanji, ikhoza kuikidwa pambali isanatsegulidwe n'komwe.

Malipiro nawo ndi chimodzimodzi. Ndalama za udindowo zimakhala zitavomerezedwa kale, ndiye mukatchula zopitirira patali, amaona kuti kukambirana nanu n'kutaya nthawi. Mukatsitsa kwambiri, ena amakayikira ngati mwamvetsa kukula kwa udindowo.

Za malo n'zomvetsa chisoni, chifukwa ambiri amagwa chabe poti sanalembe kuti ndi okonzeka kusamuka.

Mungadziwe bwanji? Kukanidwa patangopita maola ochepa, makamaka pantchito imene mukuikwanitsa bwino, kawirikawiri kumaloza ku mayankho a pafomu aja. Ngati masiku anu a tchuthi angafupikitse nthawi yochenjezayo, kapena abwana angavomere kukumasulani msanga, lembani tsiku lenileni limene mungayambe, osati miyezi 3 ya m'pangano.