Phindu la pa tchati ndi ndalama ya mu akaunti: kumene mapipu awiri amathera

Achinyamata ambiri a kuno ku Mzuzu amene alowa malonda a ndalama zakunja pa intaneti amabwera kwa ine ndi chithunzi chofanana: mzere wokwera bwinobwino wa pa TradingView kapena MetaTrader 5, wosonyeza kuti ndondomeko yawo ikanapindula kwambiri chaka chatha. Akaikamo ndalama yeniyeni, akauntiyo imangoima pamodzimodzi kapena kumatsika pang'onopang'ono. Ambiri amaganiza kuti buloka akuwabera, ena amati msika wasintha. Nthawi zina zimatero, koma kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti poyesa ndondomekoyo pa mitengo yakale, kompyuta inkagula ndi kugulitsa mwaulere, pa mtengo weniweni umene inkafuna. Msika weniweni supatsa munthu zimenezo.

Tiyerekeze ndondomeko imodzi ndipo tiiwerengere mpaka kumapeto. Manambalawa ndi achitsanzo, koma ndi a msinkhu umene munthu angakumane nawo. Ndondomekoyi ndi ya EURUSD, mtengo wa yuro mu madola, pa makandulo a mphindi zisanu, kutanthauza tchati chimene chizindikiro chilichonse chimaonetsa kuyenda kwa mtengo pa mphindi zisanu. Pa EURUSD, pipu imodzi ndi kusintha kwa mtengo ndi 0.0001, ndipo munthu akatsegula loti ya 0.1, loti pokhala muyeso wa kukula kwa tiredi, pipu iliyonse ndi dola imodzi. Tiredi iliyonse ili ndi Take Profit, potsekera pa phindu, pa mapipu 10 ndi Stop Loss, potsekera poluza, pa mapipu 10. M'chaka chonse ndondomekoyi yatsegula matiredi 1,000, pafupifupi anayi pa tsiku la malonda, ndipo yapambana 600 n'kuluza 400. Opambana abweretsa madola 6,000, oluza atenga madola 4,000, kutsala madola 2,000. Kwa munthu amene anayamba ndi madola 2,000, ndiye kuti ndalama yake yawirikiza kawiri m'chaka chimodzi. Palibe amene angaone zimenezi mtima wake osagunda.

Koma nambala yofunika kuiyang'anitsitsa si 2,000 ayi. Gawani madola 2,000 ndi matiredi 1,000: tiredi iliyonse ikusiya mapipu awiri okha. Phindu lonse la chaka lagona pa mapipu awiriwo, ndipo chilichonse chimene msika ungadule chidzachoka pomwepo.

Choyamba kudula ndi sipuredi. Aliyense amene anaimapo pa bolodi la mitengo ya ndalama zakunja ku banki m'tauni muno anaona kuti dola ili ndi mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira. Mukagula dola n'kuigulitsa nthawi yomweyo, mwaluza kale. Pa MetaTrader mitengo iwiriyi imalembedwa Bid ndi Ask. Mumagula pa Ask, umene uli pamwamba, ndipo mumagulitsa pa Bid. Koma makandulo a pa tchati amajambulidwa ndi mtengo umodzi wokha, wa Bid, ndipo mayeso a pa TradingView nawonso amayendera mtengo umodzi. Tinene kuti sipuredi yapakatikati ndi 0.6 ya pipu. Pa matiredi 1,000, apita madola 600.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu. Wina amati, "Inetu Take Profit yanga imandipatsa mapipu 10 athunthu, sipurediyo sindiiona." N'zoona, ngati mwawerengera mapipu 10 kuchokera pa mtengo umene mwalowera. Koma pamenepo tchati chiyenera kuyenda mapipu 10.6 kuti mupambane, pamene mapipu 9.4 okha akwanira kukugwetsani. Sipuredi sinachoke, yangosintha malo: m'malo modula kukula kwa phindu, ikudula chiwerengero cha matiredi opambana. Pa ndondomeko yathuyi, matiredi 10 okha akasanduka oluza, apita madola 200, chifukwa iliyonse yachoka pa kupeza 10 n'kufika pa kutaya 10.

Komishoni njosavuta kuimvetsa. Pa maakaunti a sipuredi yochepa, mabuloka ambiri amadula madola pafupifupi 7 pa loti yathunthu, kutsegula ndi kutseka pamodzi. Pa loti ya 0.1 ndi masenti 70, kapena kuti 0.7 ya pipu. Apita madola ena 700. Phindu latsala madola 700 okha, tisanafike n'komwe pa chinthu chovuta kwambiri.

Chinthucho ndi kuterereka kwa mtengo, silipeji: kusiyana kwa mtengo umene munaona podina ndi mtengo umene mwapatsidwa. Mukadina Buy muli ku Chibavi kapena ku Luwinga, odayo imayenda pa netiweki mpaka pa seva ya buloka, imene nthawi zambiri ili ku Ulaya kapena ku Amereka. Ikamafika, mtengo wasuntha. Munthu angaganize kuti tsiku lina usunthira kwa iye, tsiku lina kumutsutsa, zonse n'kufanana. Pa ndondomeko zina zimakhaladi choncho. Koma ngati ndondomeko yanu imagula mtengo ukangobowola malire n'kuyamba kuthamanga, ndiye kuti mukugula pa nthawi imene anthu ena ambirimbiri akugulanso, ndipo mtengo umakhala ukukuthawani. Kutererekako kumapendekera mbali imodzi. Tiike 0.3 ya pipu polowa paliponse: madola 300.

Pa Stop Loss m'pamene ndimafuna kuti aliyense amvetse bwino, chifukwa ambiri amaitenga ngati lonjezo. Stop Loss siuza buloka kuti akutulutseni pa mtengo wakutiwakuti. Imamuuza kuti mtengo ukafika pamenepo, akutulutseni pa mtengo uliwonse umene ulipo. Ndipo imagunda pa nthawi imene mtengo ukuthamangira kumene simukufuna. Masiku abata kusiyanako kumakhala kochepa kapena kulibe. Koma Lachisanu limene dziko la Amereka limatulutsa chiwerengero cha ntchito, nthawi zambiri loyamba la mwezi, 2:30 masana nthawi ya kuno, kapena 3:30 kwawoko kukakhala nyengo yozizira, mtengo umatha kudumpha mapipu angapo osaponda pakati. Zimachitikanso msika ukatsegulidwa sabata ikamayamba. Zoopsa kwambiri zinachitika pa 15 Januwale 2015, pamene banki yaikulu ya dziko la Switzerland inasiya mwadzidzidzi kutchinjiriza mtengo wa 1.20 pa EURCHF, mtengo wa yuro mu ndalama ya dzikolo. Anthu anatulutsidwa kutali kwambiri ndi pamene anaika Stop Loss, ena akaunti n'kutsala ndi ngongole, ndipo buloka wa Alpari UK anagwa. Ife sitifunika tsiku loterolo kuti ndondomeko yathu ife. Pipu imodzi yokha yapakatikati pa matiredi 400 oluza ndi madola 400.

Phatikizani: 600, 700, 300 ndi 400. Ndi madola 2,000, phindu lonse. Tiredi yopambana imene pa tchati inali mapipu 10 yatsala 8.4, yoluza yakula kufika 12.6. Pa pepala ndondomekoyi inkafunika kupambana matiredi 50 pa 100 alionse kuti isaluze, ndipo 60 ankaoneka ambiri. Pamsika weniweni 60 amenewo ndiwo ongokwanira kubweza ndalama. Munthu wagwira ntchito chaka chathunthu, wagula mabandulo, ndipo amene wapeza ndalama yotsimikizika ndi buloka. Ngati matiredi ena amagona usiku, pali swapu, chiwongoladzanja chimene chimawerengedwa cha m'ma 11 koloko kapena 12 koloko usiku nthawi ya kuno, ndipo pa ndalama zambiri Lachitatu chimawerengedwa katatu. Pa ola lomwelo sipuredi imakulanso kwambiri. Ndalama yodulidwa potumiza ndi potapa sindinaiwerengere.

Tsono taonani ndondomeko ina imene pa pepala yapezanso madola 2,000, koma ndi matiredi 100 okha, iliyonse kusiya mapipu 20. Zodulidwa zija za mapipu awiri pa tiredi zikuchotsa madola 200, ndipo ngakhale titaonjezera swapu, phindu lambiri likadalipo. Zithunzi za ndondomeko ziwirizi zingathere pa nambala imodzimodzi, koma ina ili ndi moyo, ina ilibe. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona wophunzira akugula loboti ya pa makandulo a mphindi imodzi chifukwa cha mzere wosalala. Mzere umasalala chifukwa cha kuchuluka kwa matiredi, ndipo tiredi iliyonse ili ndi msonkho wake. Ine ndondomeko imene phindu lake pa tiredi silifika katatu kuposa zodulidwa sindiikhulupirira. Limeneli si lamulo la m'buku, ndi mmene ndimadzitetezera, popeza ziwerengero za silipeji zimakonda kupitirira zimene munthu anayembekeza.

Kuyesanso moona mtima sikovuta. Pa TradingView tsegulani Properties ya ndondomeko yanu. Mabokosi a Commission ndi Slippage amakhala pa 0 ngati wolemba ndondomekoyo sanaikemo kanthu. Pa chitsanzo chathu, sipuredi ndi komishoni pamodzi ndi madola 1.30 pa tiredi, ndiye kuti 0.65 pa oda iliyonse, yotsegula ndi yotseka. Slippage imalembedwa m'timagawo ta 0.00001, moti 10 ndiye pipu imodzi, ndipo imakhudza maoda olowera pamsika ndi a Stop Loss basi. Madola 700 a kuterereka aja, 300 ndi 400, titawagawa pa maoda 1,400 otero, ndi theka la pipu, choncho timalemba 5:

```
strategy("Mayeso", commission_type=strategy.commission.cash_per_order, commission_value=0.65, slippage=5)
```

Palinso bokosi la Verify price for limit orders. Mukalisiya pa 0, kompyuta imaona ngati Take Profit yadzaza mtengo ukangoikhudza n'kubwerera, chikhalirecho pamsika weniweni mwina simukanatuluka, makamaka pa tiredi ya Sell imene imatsekedwa pa Ask. Ikanimo 6, kukula kwa sipuredi, muone kuti opambana angati agwa. Pochita zimenezi sipuredi yawerengedwa kawiri pa matiredi ena, choncho tengani zotsatirazo ngati malire a kuipa, osati chiwerengero chenicheni. Pa Strategy Tester ya MetaTrader 5 sankhani Every tick based on real ticks m'malo mwa Open prices only, ndipo pa Delays chotsani Zero latency, ideal execution muike Random delay. Onaninso ngati komishoni ikuoneka m'lipoti.

Kenako wirikizani zodulidwazo kawiri n'kuyesanso. Ndondomeko yolimba imaonda koma imatsalabe pamwamba. Ya mapipu awiri ija imafika pa kuluza madola 2,000.

Manambala enieni a inuyo simungawapeze pa akaunti yoyeserera, chifukwa kumeneko oda sipikisana ndi munthu aliyense ndipo imadzaza mosavuta kuposa pamsika. Amapezeka pa akaunti yeniyeni, ndi loti ya 0.01, pamene pipu ndi masenti 10 okha. Pa tiredi iliyonse lembani ola, mtengo umene ndondomeko inafuna, mtengo umene munapatsidwa, ndi sipuredi ya nthawiyo, polowa ndi potuluka. Matiredi akafika 50 kapena 100, werengerani kusiyana kwapakatikati, koma a Stop Loss muwawerengere paokha, chifukwa mukawasakaniza ndi olowera amabisika. Nambala zimenezo ndizo muike m'mabokosi aja. Mukapeza kuti kuterereka kwakukulu kwaunjikana pa maola a nkhani za ku Amereka kapena pakati pa usiku, letsani ndondomekoyo kutsegula matiredi pa maolawo n'kuyesanso, kuti muone ngati phindu lake silinali kuchokera m'maola omwewo.