Otsi ndi ufa olembedwa kuti mulibe guluteni: werenganinso kumbuyo kwa paketi

Uthengawu ndi wa anthu amene dokotala anawapeza ndi matenda a siliyaki, makolo amene akulera mwana wotero, komanso ophika m'malo ogona alendo kuyambira pa boma la Mangochi mpaka ku Monkey Bay, amene nthawi zina amalandira mlendo wonena kuti sadya guluteni.

Guluteni ndi puloteni yopezeka mu tirigu, balere ndi rayi. Ndi imene imachititsa kuti ufa wa mandasi uzinanda ukakandidwa. Kwa anthu ambiri ilibe vuto. Koma kwa wodwala siliyaki, chitetezo cha m'thupi chimalimbana nayo n'kuwononga khungu la mkati mwa matumbo aang'ono, moti chakudya sichilowanso bwino m'thupi. Ena amatsegula m'mimba, kutupa mimba kapena kuchepa magazi, ana amapinimbira, ndipo ena samva kanthu ngakhale matumbo akuwonongeka. Choncho kusadwala mutadya phala si umboni woti phalalo linali labwino.

Mawu aja satanthauza kuti mulibiretu

Paketi ikalembedwa kuti “gluten free”, tanthauzo lake m'malamulo ndi lakuti guluteni ali m'menemo ndi wochepa kwambiri, osati kuti mulibe ndi pang'ono pomwe. Mlingo wa bungwe la Codex Alimentarius, umene mayiko ambiri amatsatira, ndi mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi ya chakudya. Mayiko a ku Ulaya ndi dziko la America amagwiritsa ntchito malire omwewa. Kwa odwala ambiri mlingowu ndi wotetezeka, bola paketi imene mwagulayo ikhale ikuukwaniritsadi. Apa ndiye pagona nkhani ya otsi, mbewu yofanana ndi tirigu imene amaphikira phala.

Otsi paokha alibe guluteni wa mtundu wa tirigu. Vuto ndi kumene amachokera. Amalimidwa m'minda imene chaka chatha munali tirigu kapena balere, amakololedwa ndi makina omwewo, amanyamulidwa m'malole omwewo, n'kusungidwa m'nkhokwe zomwezo. Njere za tirigu ndi balere zimafanana ndi za otsi kukula kwake, motero sefa sizichotsa zonse.

Tiyeni tiwerengetse ndi mbale imodzi ya phala. Mwatapa magalamu 50 a otsi. Malinga ndi malire aja, m'mbalemo simuyenera kupitirira miligalamu imodzi ya guluteni. Tsono njere imodzi ya tirigu imalemera pafupifupi mamiligalamu 40, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemerako ndi guluteni. Ndiye kuti kanjere kamodzi kophwanyidwa pamodzi ndi otsi kabweretsa mamiligalamu atatu kapena anayi, kuposa mlingo katatu kapena kanayi. Ndipo njerezi sizimwazikana mofanana ngati mchere mu ndiwo. Zili ngati timiyala ta mu mpunga: mungatape kasanu osapeza kanthu, kachisanu ndi chimodzi n'kuluma mwala. Fakitale ikatapa pang'ono m'thumba lalikulu kukayeza, zotsatira zikhoza kutuluka zabwino pomwe mapaketi ena a gulu lomwelo ali ndi njere.

Makampani amathana ndi zimenezi m'njira ziwiri. Ena amateteza otsi kuyambira ku mbewu: munda wawokha, makina awokha, nkhokwe yawokha. Ena amagula otsi wamba n'kuwadutsitsa pa makina osankha njere poona mtundu ndi maonekedwe ake. Onse awiri amaloledwa kulemba mawu amodzimodzi kutsogolo kwa paketi. Ine ndikanakhala ndikugulira mwana wodwala siliyaki ndikanasankha njira yoyambayo, ngakhale imakwera mtengo.

Palinso china. Otsi ali ndi puloteni yawo yotchedwa avenini, ndipo odwala siliyaki ochepa imawavuta ngakhale otsiwo ali oyera. Ku Australia ndi ku New Zealand malamulo salola n'komwe kulemba pa otsi kuti mulibe guluteni. Musanayambe kudya otsi, kambiranani ndi dokotala amene amakuonani.

Tembenuzani paketi

Zolemba zazikulu za kutsogolo ndi za malonda. Zimene mukufuna zili kumbuyo, m'timalemba tating'ono, ndipo poti zambiri zimalembedwa m'Chingerezi, tiwatchula mawuwo momwe mudzawaonere.

Yambani ndi mndandanda wa zimene zasakanizidwa. Mukaona “wheat”, “barley”, “rye” kapena “spelt”, omwe ndi tirigu, balere, rayi ndi mtundu wina wa tirigu, bwezerani paketiyo. Mawu akuti “malt” ndi chimera, koma si chimera cha mawere kapena mapira chimene timaphikira thobwa. Cha m'mapaketi nthawi zambiri chimakhala cha balere, ndipo chimabisala m'zakudya za m'mawa zopangidwa ndi chimanga.

Kenako yang'anani pansi pa mndandandawo. Mawu ngati “may contain wheat” kapena onena kuti chakudyacho chinapangidwira mu fakitale imene imagayanso tirigu akukuuzani kuti makina ndi ogawana. Chovuta n'chakuti m'mayiko ambiri kampani imalemba chenjezoli mwa kufuna kwake. Likakhalapo, limvereni. Likasowa, musaganize kuti fakitaleyo ilibe tirigu.

Mawu akuti “wheat free” akungonena za tirigu basi, pomwe balere ndi rayi akhoza kukhalamo. Akuti “very low gluten” ku Ulaya amalola mpaka mamiligalamu 100 pa kilogalamu, kasanu kuposa malire aja. Ndipo akuti “organic” sakhudza guluteni ngakhale pang'ono.

Chodalirika kwambiri ndi chizindikiro cha bungwe loima palokha limene limayendera fakitale ndi kuyeza katundu. Ku Ulaya ndi ngala ya tirigu yodulidwa ndi mzere, yokhala ndi nambala ya chiphaso pansi pake. Ku America kuli cha bungwe la GFCO, chimene malire ake ndi mamiligalamu 10 pa kilogalamu. Kachithunzi ka ngala kopanda nambala kapena dzina la bungwe kampani iliyonse ikhoza kudzijambulira.

Ufa wathu wa kuno

Chimanga, mpunga, chinangwa, mawere, mapira ndi soya zilibe guluteni. Nsima ya mgaiwa, ya ufa woyera kapena kondowole ndi chambo chootcha ndi chakudya choyenera wodwala siliyaki. Zigayo zathu zambiri zimagaya chimanga chokhachokha, koma kufunsa ngati amagayanso tirigu sikulipitsa.

Ngozi yeniyeni ili pa msika ndi m'khitchini. Ufa wa tirigu wodzaza kasupuni ka tiyi umalemera pafupifupi magalamu atatu, ndipo muli guluteni wokwana kufikitsa makilogalamu oposa khumi a ufa wina pa malire aja. Ganizirani wogulitsa amene akutapa fulawa ndi ufa wa mpunga ndi kambale kamodzi, pa sikelo imodzi, matumba ali moyandikana otsegula. Ufa wopakidwanso m'majumbo opanda dzina ulibe zolemba zoti muwerenge, ndipo zimene zinalembedwa pa thumba loyamba zinatha ntchito tsiku limene linatsegulidwa pafupi ndi fulawa.

Kunyumba sungani ufa wa wodwalayo m'chidebe chotseka, pa shelefu ya pamwamba kuti fulawa asagweremo. Mukhale ndi sefa ndi mthiko zake zokha, chifukwa ufa umakanirira m'timabowo ta sefa ndi m'ming'alu ya mtengo. Mafuta amene mwakazingira mandasi musakazingire zitumbuwa kapena tchipisi za wodwalayo. Moto umapha tizilombo toyambitsa matenda, koma guluteni sumuchotsa.

Ngati mukungodzikayikira kuti muli ndi siliyaki, musasiye kudya tirigu musanayezedwe, chifukwa kuyeza magazi ndi matumbo kumaonetsa matendawa bwino munthu akamadyabe guluteni. Amene munapezeka nawo kale ndipo zizindikiro zabwerera mutayamba paketi yatsopano, isiyeni, koma musaitaye. Pitani nayo ku chipatala, ndipo onetsani dokotala dzina la kampani, nambala ya gulu la katunduyo yodindidwa pafupi ndi deti lothera mphamvu, komanso muwauze tsiku limene munayamba kudya.