Kodi dziko likamatukuka, chipembedzo chimatha mphamvu?

Funsoli silisowa pa mayeso a maphunziro a chikhalidwe cha anthu, ndipo ophunzira ambiri amataya malikisi poyamba kuyankha asananene chimene akuyeza. Mu 1966, katswiri wa maphunzirowa Bryan Wilson wa ku Britain anafotokoza ganizoli motere: dziko likamatukuka, maganizo, miyambo ndi mabungwe achipembedzo amasiya kukhala ndi mphamvu pa moyo wa anthu. Wilson sananene kuti aliyense adzasiya kukhulupirira Mulungu. Ankanena za mphamvu ya chipembedzo pakati pa anthu. Yankho langa ndi lakuti ganizoli ndi loona kumadzulo kwa Ulaya, koma silingakhale lamulo la dziko lonse lapansi.

Umboni woligwirizira ulipo wambiri. Pa kalembera wa ku England ndi Wales wa 2001, anthu 72 mwa 100 alionse anati ndi Akhristu. Mu 2011 anatsika kufika pa 59, ndipo mu 2021 anali 46 okha, pamene onena kuti alibe chipembedzo anakwera kuchoka pa 15 mu 2001 kufika pa 37 mu 2021. Komabe manambala otere amangosonyeza kuti zinthu zasintha, satiuza mmene zasinthira.

Apa ndi pamene kafukufuku wa David Voas ndi Alasdair Crockett wa 2005 amathandiza. Iwo anapeza kuti ku Britain, makolo onse awiri akakhala opemphera, pafupifupi theka la ana awo ndi amene amatengera chipembedzocho. Wopemphera akakhala kholo limodzi, mwayiwo umatsikanso ndi theka. Koma makolo osapemphera amalera ana osapemphera pafupifupi onse. Tiyeni tiwerengetse. Tiyerekeze kuti pali anthu 100 opemphera okwatirana okhaokha, ndipo banja lililonse lili ndi ana awiri. Mwa ana 100 amenewo, opemphera adzakhala 50. Iwowo akakwatirananso okhaokha, zidzukulu zopemphera zidzakhala 25, ndipo akakwatira kunja, chiwerengero chidzatsika kuposa pamenepo. Sikuti akuluakulu akutuluka m'matchalitchi mwaunyinji. Okalamba akumwalira, ndipo mipando yawo ikukhala yopanda munthu. Kwa ine umboni umenewu ndi wolimba kuposa wina uliwonse, chifukwa umatsutsa maganizo akuti achinyamata adzabwerera akadzakula.

Otsutsa ganizoli amabwera mbali ziwiri. Grace Davie ananena mu 1994 kuti anthu a ku Britain amakhulupirirabe ngakhale sapita kutchalitchi. Mfundoyi ndi yomveka, koma Voas ndi Crockett anasonyeza kuti chikhulupiriro nachonso chikutsika kuchokera m'badwo wina kupita m'badwo wina, pa liwiro lofanana ndi kusonkhana.

Mbali yachiwiri ndi yolemera kwambiri: Ulaya si dziko lonse. Mu 1979, boma la mfumu ya ku Iran, lomwe linkathamangitsa chitukuko, linagwetsedwa ndipo atsogoleri achipembedzo anatenga ulamuliro. Mipingo ya Chipentekoste inakula mofulumira ku Brazil ndi ku South Korea pa nthawi yomwe mizinda ndi mafakitale ankakula. Peter Berger, amene anali mmodzi wa olimbikitsa ganizoli m'zaka za m'ma 1960, anadzavomereza poyera kuti linali lolakwika, ndipo mu 1999 analemba kuti dziko lapansi likadali lopembedza kwambiri.

Nanga America? Kwa zaka zambiri otsutsa ankaloza dziko lolemerali, kumene anthu pafupifupi 40 mwa 100 ankauza ofufuza kuti amapita kutchalitchi sabata iliyonse. Mu 1993, Hadaway, Marler ndi Chaves anasiya kudalira mayankho a pakamwa, anawerenga anthu enieni opezeka m'mapemphero, ndipo anapeza pafupifupi theka la chiwerengerocho. Munthu akafunsidwa amayankha zimene amafuna kukhala, osati zimene anachita Lamlungu lapitali. Wolemba mayeso azifunsa nambala iliyonse kuti inapezeka bwanji.

Poweruza, ndimatsatira José Casanova, amene mu 1994 anagawa ganizoli patatu. Kulekana kwa chipembedzo ndi boma, makhoti komanso sayansi kwachitikadi m'mayiko ambiri. Kuchepa kwa okhulupirira kwachitika m'madera ena okha. Zakuti chipembedzo chidzangokhala nkhani ya mumtima, osalowa m'ndale, Iran ndi Poland, kumene Tchalitchi cha Katolika chinathandiza kulimbana ndi boma la chikomyunizimu, anazitsutsa. Chimene chimafotokoza bwino kusiyanaku ndi mfundo ya Pippa Norris ndi Ronald Inglehart ya 2004: chipembedzo chimafooka kumene anthu amakula osaopa njala, matenda kapena ukalamba wopanda wowasamala. Popeza mayiko opembedza kwambiri ndi amenenso amabereka ana ambiri, mayiko olemera angathe kupitiriza kusiya chipembedzo pamene chiwerengero cha opembedza padziko lonse chikukwera.