Nkhope yotupa si ya tiyi wotsuka m'thupi: uthenga kwa a Malawi okhala ku Joni

Disembala ikamayandikira, aliyense amafuna kukatsika basi kumudzi nkhope ili yosalala, anthu aone kuti ku Joni zikuyenda. Ogulitsa amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake pa WhatsApp ndi m'masaluni a ku Yeoville, Hillbrow ndi Rosettenville mwadzaza malonda a tiyi amene akuti amatsuka m'thupi, amaphwetsa nkhope yotupa ndipo amayeretsa khungu m'masabata awiri. Ife a zaumoyo tikukupemphani, abale ndi alongo: ngati nkhope yanu ikudzuka yotupa tsiku ndi tsiku, kapena yatuwa ndipo mukumva kufooka, musagule tiyi ameneyu. Pitani kaye mukayezetse BP, mkodzo ndi magazi.

Tiyambe ndi zoona, chifukwa zakudya zimaonekeradi pankhope. Chimene chimaoneka msanga kuposa zonse ndi mchere. Mchere umasunga madzi m'thupi, ndipo munthu akagona madziwo amasonkhana pomwe khungu ndi lofewa, makamaka m'zikope. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi yosasefukira, kuwerengera ndi mchere wobisika m'zakudya zogula. Kuno mchere wobisikawo ndi wambiri: polone, marashani, atcha, tchipisi, manudozi a m'paketi, supu waufa ndi timibulu tokometsera ndiwo. Munthu akadya kota usiku, ndiwo za masana anathiramo timibulu tiwiri n'kuwonjezera mchere wa pamanja, asadabwe kudzuka maso atatupa. Dziko la South Africa linaika malamulo ochepetsa mchere m'buledi ndi m'zakudya zina za m'fakitale kuyambira 2016, koma lamulo silingagwire dzanja la amene akuphika.

Mowa ndi wachiwiri. Umakodzetsa kwambiri, umakulitsa timitsempha ta pankhope ndi m'maso, ndipo umasokoneza tulo. Nkhope ya matsire aliyense amaidziwa. Shuga naye ali ndi mbali yake: kachitini kamodzi ka kola ka 330 ml kamakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35, masupuni ang'onoang'ono oposa asanu ndi atatu, ndipo zakumwa zotere pamodzi ndi buledi woyera ndi masikono zimawonjezera ziphuphu kwa anthu ena amene amatuluka kale ziphuphu. Si aliyense, ndipo kusintha kwake sikuoneka sabata imodzi, chifukwa khungu limatenga mwezi kapena kuposerapo kuti lisinthike.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene anthu akusocherera. Kutupa kwa mchere kapena kwa mowa sikukhalitsa. Mukadzuka, kusamba, kuyendayenda, pofika masana kwaphwa, ndipo mukachepetsa mchere masiku awiri kapena atatu sikubweranso. Kutupa komwe kukubwera m'mawa uliwonse kwa sabata yathunthu ngakhale mwasiya polone ndi mowa si kwa chakudya ayi. Nthawi zambiri pamenepo timaganizira impso. Impso zikamadwala zimatha kutaya mapuloteni mumkodzo kapena kulephera kutulutsa mchere ndi madzi, ndiye madzi amadzaza m'zikope m'mawa n'kutsikira kumapazi madzulo. Mkodzo umachita thovu losatha msanga. BP yokwera ndi matenda a shuga ndi zimene zimawononga impso kawirikawiri, ndipo zimawononga mwakachetechete, popanda kupweteka kulikonse.

Mungadziyese nokha kunyumba. Dinikizani chala chachikulu pafupa la kutsogolo kwa mwendo, pamwamba pang'ono pa kakolo, muwerenge pang'onopang'ono mpaka khumi, kenako chotsani. Pakatsala kadzenje, m'thupi mwadzaza madzi ndipo muyenera kuonana ndi achipatala sabata yomweyo.

Taganizirani mayi wa zaka za m'ma 40 amene amagwira ntchito yapakhomo. Waona kuti nkhope ikudzuka yolemera, nsapato zikuthina madzulo, mphete yakana kuvuka. Mnzake akumuuza kuti ndi zoipa zadzaza m'thupi, amwe tiyi wotsuka. Tiyi wambiri wa mtundu umenewu amakhala ndi masamba otsegula m'mimba otchedwa sena, ndipo wina amakhalanso ndi zokodzetsa. Mayi uja akamwa usiku, m'bandakucha m'mimba mwapota, wathamangira kuchimbudzi kangapo. Pagalasi nkhope ikuoneka yophwa pang'ono, sikelo yatsika, ndipo iye akuti mankhwala agwira. Chimene chatuluka si zoipa ayi, ndi madzi pamodzi ndi mchere wofunika wa m'thupi monga potaziyamu, umene umathandiza mtima kugunda bwino. Impso zomwe zinali zofooka kale tsopano zikulandira magazi ochepa, ndipo zikuvulala mowonjezera. Pakapita masiku kutupa kumabwerera, iye amawonjezera tiyi, ndipo miyezi ikupita BP yake palibe waiyeza. Chikhalirecho kukiliniki akanamanga lamba pamkono, kuviika kapepala mumkodzo, n'kudziwa tsiku lomwelo ngati BP yafika 140/90 kapena kupitirira ndiponso ngati mumkodzo muli mapuloteni. BP ikagwidwa msanga, mankhwala amateteza impso. Impso zikafika potheratu, chotsala ndi makina osefa magazi kapena kuikidwa impso ina, ndipo palibe tiyi amene angazibweze.

Ntchito yotsuka magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo zimaigwira usana ndi usiku. Ngati zili bwino sizifuna thandizo la tiyi. Ngati zadwala, tiyi amangochedwetsa inu kupita kuchipatala.

Amayi oyembekezera, izi zikukhudzani koposa. Mimba ikapitirira masabata 20, nkhope ndi manja zikatupa mwadzidzidzi, makamaka ngati mutu ukupweteka kwambiri, mukuona zinthu mwachimbuuzi kapena mukumva ululu pansi pa nthiti, imeneyo ikhoza kukhala BP ya mimba, yomwe imafika pokomola mayi ndi kupha mwana. Musadikire tsiku la sikelo. Pitani tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Tiyi wotsuka m'thupi musamwe n'komwe muli ndi pakati.

Pali nkhope ina imene anthu akuitsuka ndi tiyi yemweyu: yotuwa, yooneka yotopa ngakhale munthu wagona bwino. Kawirikawiri kumakhala kuchepa kwa magazi. Kokerani pansi chikope cha m'munsi muyang'ane pagalasi. M'kati mwake muyenera kukhala mofiira. Ngati mwayera, zikhato nazo zayera, mukuchita chizungulire, mtima ukugunda mukakwera masitepe, kapena mukulakalaka kudya dothi, mukayezetse magazi. Kwa mayi yemwe sali woyembekezera mlingo wa magazi suyenera kutsika pansi pa 12, kwa bambo 13. Apa chakudya chimathandizadi, koma chakudya chake ndi chokhala ndi ayironi: nyama, chiwindi cha nkhuku, nsomba za m'chitini, usipa ndi matemba zimene zimabwera ndi mabasi ochokera kumudzi, nyemba, ndi masamba monga bonongwe, amene kuno amagulitsidwa pa dzina loti morogo. Nyemba ndi masamba muzidyera limodzi ndi tomato, lalanje kapena gwafa, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi. Tiyi wamasamba ndi khofi zimachita zosiyana, zimatchinga ayironi, choncho muzimwa patapita ola mutadya. Ufa wa m'sitolo kuno, kuyambira 2003, umathiridwa ayironi ndi mavitamini, ndiye nsima yake musainyoze. Woyembekezera asamadye chiwindi pafupipafupi chifukwa chili ndi vitamini A wochuluka kwambiri.

Zakumwa zofiira za m'botolo siziwonjezera magazi. Kufiira kwake ndi utoto chabe, ndipo chotsalacho ndi shuga. Bitiruti ndi ndiwo yabwino koma ayironi wake ndi wochepa, sangachize munthu amene magazi atsika. Ndipo ngati magazi akuchepa chifukwa cha kusamba kwambiri kumwezi, zilonda za m'mimba, kapena matenda monga TB ndi HIV, mbale yokha siyingakwanitse. Pamafunika kupeza gwero lake, ndipo mapiritsi a ayironi amamwedwa kwa miyezi ingapo, osati masiku.

Zina zomwe mukumva n'zabodza basi. Madzi a mandimu m'mawa sayeretsa khungu ndipo sasungunula mafuta. Amangodya mano pang'onopang'ono, ndipo kupaka mandimu pankhope n'kutuluka padzuwa kumatha kuwotcha khungu n'kusiya mabala akuda. Mkaka suyeretsa munthu, khofi sadetsa munthu. Mtundu wa khungu ndi wobadwa nawo, ndipo palibe chakudya chimene chimausintha. Kumwa madzi malita asanu sikusalalitsa nkhope ya munthu yemwe amamwa kale mokwanira. Mkodzo ukakhala wachikasu choyererako ndiye kuti madzi akukwana. Amene impso kapena mtima zikuvuta, madzi ochuluka chotero amangowonjezera kutupa.

Ambiri amadandaula kuti chibwerereni ku Joni khungu linauma, milomo ikung'ambika, ndipo amaganiza kuti ndi chakudya cha kuno. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mpweya wake umauma kwambiri, mvula kulibe. Kusamba madzi otentha kwambiri ndi kugona pafupi ndi hita kumawonjezera. Mankhwala ake ndi vaselini kapena mafuta odzola wamba, opakidwa khungu lisanaumiretu mukangosamba, ndi chipewa padzuwa.

Tikudziwa chimene chimakuchedwetsani. Ena mumaopa mzere wautali, ena abwana salola tsiku lopuma, ena mumaopa kufunsidwa mapepala kapena kulankhulidwa moipa. Mantha amenewa si opeka. Koma kuyeza BP kumachitikanso m'mafamase ambiri ndipo kumatenga mphindi zochepa. Lembani manambala anu papepala, ndipo akakhala okwera mupite nawo kukiliniki. Mukapita, nyamulani paketi ya tiyi, mapiritsi kapena mankhwala azitsamba alionse amene mwakhala mukumwa, muwaonetse anamwino mosabisa. Tchulaninso mapiritsi onenepetsa ngati munamwapo, chifukwa ena mwa iwo amatupitsa nkhope kukhala yozungulira pomwe akukweza BP ndi shuga, ndipo ngati mwawamwa nthawi yaitali sasiyidwa mwadzidzidzi popanda malangizo a dokotala.

Milomo, lilime kapena kukhosi kukatupa mwadzidzidzi mutadya chinthu kapena mutamwa mankhwala, mpweya ukabanika, kapena mkodzo ukachepa kwambiri tsiku lonse, imbani 112 pafoni ya m'manja kapena 10177 kuitana ambulansi. Malamulo aakulu a dziko la South Africa amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi, ndipo mawu akuti aliyense akuphatikiza inuyo.